Pogwera Kampira

"Ine funso la fizikisi likandiona limavula chipewa," anatero aMayunitsi, mutu ataweramitsa, makina ometera akulira kuseri kwa khutu. "Zaka zonse ndagwira choko zija sindinasankhepo fomula yolakwika. Ndikanena kuti mwala ugwera apa, umagwera pomwepo, ufune usafune."

"Nanga tsitsi lanuli linagwera kuti, aphunzitsi?" anafunsa wometa. "Munaliwerengera nalonso?"

"Meta latsalalo, usandikumbutse maliro."

Wometayo anali atamva mawu amenewa kangapo konse, moti ankadziwa ndi popumira pomwe. Mdalayu ankatsika kudzameta kawirikawiri kuposa mmene mutu wake unkafunira. Tsitsi la kuseri kwa makutu lokhalo silikanatha ntchito yoti munthu n'kukhalira pansi, koma shopuyo inali pansi penipeni pa chipinda chawo, ndipo munali anthu olankhula.

Dzina la aMayunitsi anawapatsa ndi ana asukulu. Mwana akalemba yankho n'kusiya nambala ili yokha, iwo ankainyamula kope ija ndi zala ziwiri ngati nsanza. "Makumi anayi chani? Makumi anayi mbuzi? Makumi anayi apongozi? Nambala yopanda yunitsi ndi munthu wopita kumsika ali mbulanda." Ana aja anakula, ena ali ndi magalimoto, ena ali ndi mimba zazikulu. Akakumana nawo mumsewu ankapereka moni wa manja awiri, kenako n'kukumbukira msanga kuti akufunika kwina.

Chipumireni pantchito ankakhala okha m'chipinda cham'mwamba. Munali tebulo, mipando iwiri, kabati ya mbale zimene malemu akazi awo anasiya, ndi firiji yakale imene inkang'ung'udza tsiku lonse ngati mlendo amene sanam'patse tiyi. Mpando wachiwiriwo unkakhala wolowetsa pansi pa tebulo sabata yonse. Unkatuluka Loweruka masana, mdzukulu wawo akabwera.

Mdzukuluyo anali mtsikana wa chaka chomaliza kusekondale, wamiyendo yaitali, wokonda kutafuna chivundikiro cha cholembera. Agogo ake ankamutcha Profesa. Mayi ake, mwana yekhayo wa aMayunitsi, anali namwino, ndipo ankamutumiza kuno chifukwa fizikisi inkamupinda. Namwinoyo mwini wake masitepe a nyumbayi anawakwera komaliza pa maliro a mayi ake. Panalibe ndewu yoti mungaitchule. Kungoti anakulira m'nyumba imene ngakhale ukanena kuti "ndabwera kalekale" bambo ankafunsa kuti kalekale ndi maminitsi angati.

Loweruka limenelo Profesa anafika ndi pepala la mayeso apakati pa teremu, lofiira ngati lachita ngozi.

"Tiye nalo," anatero agogo, akuvala magalasi. "Galimoto ikuthamanga makilomita 72 pa ola. Dalaivala waponda buleki, liwiro likutsika mofanana, yaima patatha masekondi 5.0. Yayenda mtunda wotani? Iwe walemba 360. 360 chani?"

"Mamita, agogo."

"Ali kuti mamitawo? Anatsika panjira?"

"Ndinaiwala kulemba."

"Bola unaiwala, ukanawanamizira. Watenga makilomita pa ola wachulukitsa ndi masekondi. Wakwatitsa nkhuku ndi bakha, ukudabwa kuti mazira sakuswa. Ola lili ndi masekondi angati?"

"3,600."

"Kilomita?"

"Mamita 1,000."

"Sintha."

Mtsikanayo analemba, lilime lili panja pang'ono. "Mamita 20 pa sekondi. Ndiye kuchulukitsa ndi 5.0, mamita 100."

"Mamita 100. Dalaivala wako waponda buleki, koma galimoto ikuthamangabe 20 mpaka mapeto, kenako n'kuima ngati yagunda khoma. Okwerawo ali moyo?"

Profesa anaseka, n'kubisa nkhope m'manja.

"Mtunda ndi liwiro kuchulukitsa nthawi ngati liwirolo silikusintha. Apa likutsika. Fomula si malaya a kaunjika oti ungotola amene ali pamwamba. Umayamba wafunsa kuti chinthuchi chikuchita chiyani. Yayamba ndi 20, yathera pa ziro. Pakati pake?"

"10. Ndiye mamita 50."

"Lemba yunitsi isanathawe."

Funso linalo linali la kachitsulo kolemera magalamu 47, kukula kwake masentimita akiyubu 6.0. Profesa anagawa bwinobwino, n'kukopera zonse zimene kakyuleta inalavula: 7.8333333.

"Matatu onsewa ndi abale ako? Wawaitana kuukwati?" anafunsa agogo. "Amene anayeza kachitsuloka anakupatsa manambala awiri odalirika apa, awirinso apa. Iwe wabweza asanu ndi atatu. Enawo wawatenga kuti? Kakyuleta ndi mboni yabodza, imalumbira ndi zimene sinaone. Lemba 7.8, magalamu pa sentimita yakiyubu. Munthu umanena zimene ukudziwa, kenako n'kutseka pakamwa."

"Inuyo mumatseka liti, agogo?"

"Ine ndimadziwa zambiri."

Anamwa tiyi. Agogo ankagula mabisiketi Lachisanu, n'kumanena kuti angowapeza m'kabati. Dzuwa litapendeka mtsikanayo analongedza makope, koma anachedwa ndi zipi ya chikwama ngati yalimba.

"Amayi akuti akuimbirani foni."

"Ndalakwa chiyani?"

"Akuimbirani basi."

Foni inalira Lolemba, iwo akutsuka kapu yawo imodzi ija.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Mafupa ndiye atsalira pabedi."

"Ndimafuna ndikuuzeni za mwanayu. Pafupi ndi kwathu kuno atsegula kalasi ya Loweruka. Akhoza kumapita wapansi. Kwanuko ndi mabasi awiri, amafika kuno kutada."

"Wakhoza bwino kuposa teremu yatha."

"Sindikukana. Koma pali mayeso ochita ndi manja, ababa. Kalasi imeneyi ili ndi zipangizo, ana amayeza zinthu okha. Kwanuko mumangolemba."

Mawu akuti mumangolemba anawalowa ngati munga wa m'chidendene. Chinawapweteka n'chakuti sanali abodza. Sukulu imene anaphunzitsa moyo wawo wonse inali ndi chipinda cholembedwa kuti labotale pachitseko, koma mkati munkasungidwa madesiki othyoka. Fizikisi yawo yonse inachitikira pabolodi. Kumeneko zingwe sizilemera, mphepo siiomba, ndipo mabokosi amatsetsereka pa matabwa osalala kuposa lilime la wogulitsa mankhwala a makoswe.

Akanatha kunena kuti mwanawe, usandilande mwanayu, Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndimamva mawu a munthu m'chipinda muno. Ndi mawu ochepa, mwana wamng'ono akhoza kuwanena. Koma aMayunitsi anakonza kukhosi.

"Zimene ndimalemba ine zinthu zimamvera. Ubwere Loweruka udzaone ndi maso ako. Mwanayo adzawerengera papepala pamene kampira kadzagwere kuchokera patebulo, tidzaika kambale pamenepo, n'kukasiya kamodzi kokha. Kakadzagwera m'kambale, mwana azibwera kuno. Kakadzaphonya, mutenge, sindidzatsegulanso pakamwa."

"Ababa, sindinanene kuti tibetche."

"Ndanena ndine."

Kumbuyo kwa namwinoyo kunkamveka mawilo a bedi lachipatala.

"Chabwino. Ndibwera. Koma mwanena nokha."

Sabata imeneyo aMayunitsi anali ndi ntchito, ndipo inawakhala. Anapempha chidutswa cha paipi yapulasitiki kwa wokonza mipope, n'kuchicheka pakati m'litali kuti chikhale kangalande. Anachitenthetsa pa mbaula, n'kuchipinda pang'onopang'ono mpaka mbali imodzi inakwera m'mwamba, inayo inagona chogona. Anachimata ndi tepi patebulo, mulu wa mabuku ukuchirikiza kumbuyo, kukamwa kwake kuli m'mphepete penipeni. Kumsika anagula mabulo mmodzi, kampira kagalasi kamene ana amaseweretsa, kokhala ndi mzere wofiira mkati. Wogulitsayo anafunsa ngati n'ka mdzukulu. Iwo anati inde, ndipo sikunali kunama kwenikweni.

Anatenga chivundikiro cha botolo lalikulu kuti chikhale kambale kaja, n'kuthiramo mchenga kuti kampira kakagwa kasadumphe. Anayeza zonse katatu. Poyambira kampira anaikapo chizindikiro, masentimita 20 pamwamba pa kukamwa kwa ngalande. Kuchokera kukamwako kufika pamwamba pa mchenga, masentimita 80. Anamangirira kiyi kuulusi, n'kuulendewetsa m'mphepete mwa tebulo kuti apeze malo a pansi oyambira kuyeza, n'kulembapo mtanda ndi choko.

Madzulo ankakhala pampando n'kumayang'ana ntchito yawoyo. Kampira kanali m'thumba la malaya. Kawiri konse dzanja linapita kuthumbako, n'kubwerera. Kuyesa mseri kunali kuvomereza kuti pali chokayikitsa.

"Mwasowatu, aphunzitsi," anatero wometa atakumana nawo pamasitepe Lachisanu. "Tinayamba kufunsana ngati tithyole chitseko."

"Ndili ndi alendo mawa. Awiri."

"Awiri? Mipando ikwana?"

"Ndibwereke umodzi."

Anakwera nawo okha mpando wa wometa, akupuma pa sitepe iliyonse yokhotera. Atauika m'chipindamo anaona kuti chipinda chachepa, ndipo zinawasangalatsa.

Loweruka Profesa anafika msanga, mayi ake anali asanaweruke. Anazungulira tebulo akuyang'ana paipi ija.

"Mwapanga nokha, agogo?"

"Ayi, inamera. Khala pansi uwerengere. Poyamba, kampira kadzatuluka kukamwa apa ndi liwiro lotani? Kali pamwamba apo kali ndi mphamvu chifukwa cha kutalika. Kakatsika, mphamvu yonseyo imasanduka ya liwiro. Lemba: m g h ikufanana ndi theka la m v sikweya."

"Yonse, agogo?"

"Yonse. Ipitanso kuti? Paipiyi ndi yosalala, ndaipukuta ndekha."

Mtsikanayo analemba. Anafafaniza m mbali zonse ziwiri osauzidwa. Masentimita 20 anawasandutsa mamita 0.20 asanawalowetse m'fomula, ndipo agogo anayang'ana kudenga kuti nkhope isawaulule.

"Ziwiri kuchulukitsa 9.8 kuchulukitsa 0.20, ndi 3.92. Sikweya ruti yake 1.98, mamita pa sekondi. Ndisunga atatu pakadali pano, ndidula kumapeto."

"Ndani anakuphunzitsa zimenezo?"

"Mdala wina wolongolola."

"Umupatse moni. Tsopano nthawi yogwa."

"Katuluka chogona, ndiye kunsi kakuyamba ndi ziro. Kutalika ndi theka la g t sikweya." Anadina kakyuleta. "Masekondi 0.404. Cham'mbali liwiro silisintha, ndiye apa ndikhoza kuchulukitsa liwiro ndi nthawi. Mamita 0.80. Manambala awiri, chifukwa mwandipatsa awiri."

Anatembenuza pepalalo kuti agogo aone. Mzere uliwonse unali ndi yunitsi yake, yovala bwino ngati ana a tsiku loyamba kusukulu. AMayunitsi anafufuza poti aikepo cholembera chofiira, osapapeza.

Anagwada onse awiri pansi, mawondo a agogo akudandaula mokweza. Anayeza masentimita 80 kuchokera pa mtanda wa choko, n'kuika pakati pa chivundikiro pamenepo.

"Tiyese kamodzi amayi asanafike," anatero Profesa.

"Ayi."

"Kamodzi kokha, agogo. Sindiwauza."

"Woyeserera mseri ndi wamatsenga. Ife tawerengera."

Mtsikanayo anatafuna cholembera. "Kalasi inayo ine sindikuifuna. Mumakhala anthu ambirimbiri, mphunzitsi sadziwa n'dzina lako lomwe."

"Ndiye ukuopa chiyani? Pepala lakoli lili ndi cholakwa?"

"Ayi."

"Basitu."

Masitepe anamveka. Namwino analowa ndi yunifolomu yake, juzi pamwamba, chikwama chili paphewa. Anaima pakhomo n'kuyang'ana chipinda chonse: kabati, firiji, makatani amene mayi ake anasoka. Maso ake anakhalitsa pa makataniwo.

"Ababa, mwaonda."

"Ndachotsa manambala osafunika. Khala apo, mpando ndabwereka chifukwa cha iwe."

"Sindikhalitsa."

"Khala. Tiyi ali pamoto."

Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamwendo. Bambo ake anatulutsa makapu atatu. Awiri anali ndi fumbi la m'kabati, anawatsuka atatembenukira kukhoma. Namwinoyo anatenga pepala la mwana wake n'kuliwerenga mwakachetechete.

"Walemba wekha izi?"

"Ndekha, amayi."

"Ine zimenezi zinkandiliza," anatero, osayang'ana bambo ake. "Patebulo lomweli."

"Unkalira bwino," anatero aMayunitsi. "Koma mayunitsi unkalemba."

Kukamwa kwa namwino kunagwedezeka pang'ono, kutsala pang'ono kuseka. Anatsitsa chikwama n'kuchiika pansi. Bambo ake anachiona chikwamacho chikufika pansi, mtima wawo n'kuyamba kuwerengera zina: kuti mwina Loweruka lina adzabweranso kudzatenga mwana, kuti mpandowu akhoza kuugula kwa wometa, kuti mabisiketi azigula mapaketi awiri.

"Tiyeni tione zanuzo," anatero namwino. "Ndipo ababa, zobetcha zija tikhoza kuzisiya. Tingokambirana ngati anthu."

Khomo lothawira linatseguka m'mawu amenewo, lalikulu loti ngolo n'kudutsa. AMayunitsi analiona bwinobwino.

"Mawu anga ndi amodzi," anatero. "Kakaphonya, mutenge. Koma sikaphonya. Funsa aliyense amene anadutsa m'manja mwangamu."

Namwino anapuma mozama, n'kupinda manja.

AMayunitsi anatulutsa kampira m'thumba. Kanali kofunda. Anafuna kupatsa Profesa, koma mtsikanayo anabisa manja kumbuyo, ndiye anakaika okha pa chizindikiro, chala chimodzi chikukagwira. Firiji inasiya kung'ung'udza nthawi yomweyo, ngati nayo ikufuna kuonera.

"Osakankha," anatero, mwa chizolowezi cha m'kalasi. "Kungochotsa chala."

Kuti aonetse bwino, anakasuntha pang'ono m'ngalandemo, kukakweza ndi kukatsitsa pansi pa chala. Mzere wofiira uja unatembenuka. Unapita pansi, n'kutulukira kumbuyo.

Anauyang'ana mzerewo. Kampira sikatsetsereka ngati bokosi la pabolodi. Kamagubuduka. Ndipo chinthu chozungulira chimadya mphamvu pozungulirapo. Anaziphunzira kukoleji ali ndi tsitsi lonse, m'phunziro limene silinali pa silabasi ya sekondale, ndipo sanaliphunzitsepo mwana aliyense: kampira kolimba kakamagubuduka, pa magawo asanu ndi awiri a mphamvu yake, awiri amapita kozungulira, asanu okha ndiwo amapita kutsogolo. Mwana uja anafunsa kuti yonse, agogo? Mutu wawo, umene sunachedwepo pa masamu, unawapatsa yankho asanalipemphe. Liwiro 1.67, osati 1.98. Mamita 0.68.

Chivundikiro chinali pa 0.80. Kuchikoka ndi phazi kunali kosavuta. Kungonena kuti dikirani, fomula ndakupatsa ija si yake, tiwerengerenso. Profesa anali atagwada pambali pa chivundikirocho, pepala lake lili m'manja, akuwayang'ana ngati mmene anthu amayang'anira wotchi yapakhoma. Namwino anali atasendera kutsogolo pampando wobwereka uja.

"Agogo, tiyeni," anatero Profesa.

Pakamwa pa agogo panatseguka. Zaka zonse zija mawu ankatuluka okha, ena osaitanidwa n'komwe, koma awa anakana kutuluka. Chala chinasuntha pang'ono, ndipo kampira kanapulumuka.

Kanatsika ngalande kakulira pang'ono, mzere wofiira ukuzungulira mpaka kusaonekanso. Kanatuluka kukamwa, n'kupinda msana m'malere. Kanamenya simenti kasanafike pa chivundikiro, kutatsala chikhatho chathunthu, n'kudumpha chivundikirocho osakhudza mchenga, n'kugubuduka kudutsa pakati pa nsapato zoyera za namwino mpaka kulowa pansi pa kabati.